Wakuuzani kuti akukwatirani sabata yachiwiri yomwe? Umu ndi mmene mungadziwire ngati akunena zoona

Msuweni wanga amaluka tsitsi pa saluni ina ku Area 25 ku Lilongwe. Anakumana ndi mamuna pa ukwati wa mnzake Loweruka, pofika Lachiwiri mamuna uja anali atayamba kale kumutchula kuti mkazi wanga. Mameseji kuyambira 5 koloko mmawa, wadzuka bwanji mfumukazi yanga, wadya chani, masana foni, usiku foni ya maola awiri mpaka khutu kutentha. Sabata yoyamba yomweyo anamutumizira K30,000 ya tsitsi, kenako nsapato, kenako bandulo ya mwezi, sabata yachiwiri anali akukamba za puloti yomwe akufuna kugula kuti amange nyumba yawo, mayina a ana atasankha kale. Msuweni wanga anabwera kwathu nkhope ikuwala, akuti achemwali, uyu nde Mulungu wandiyankha.

Ine sindinamutsutse, chifukwa bambo a ana angawa nawonso anandiuza za banja pa sabata yachiwiri ndipo tili limodzi mpaka lero. Nde vuto lake ndi limenelo: munthu woona mtima ndi munthu wabodza masiku oyamba amayankhula mawu amodzimodzi, amaimba foni mofanana, olo misozi amatha kugwetsa onse. Mukamayesa kuwasiyanitsa poona kutentha kwa chikondicho simungathe. Moto wa mapesi ndi wa chikuni ukamayamba onse amawala, kusiyana kumaoneka mphepo ikaomba. Nde zomwe ndalemba apazi ndi njira zobweretsera kamphepo kaja mwadala, musanapereke chinthu chomwe sichingabwerere. Ndalemba ngati ndikuyankhula ndi akazi anzanga poti nkhani yomwe ndinaiona ndi maso ndi imeneyo, koma achimwene nanu zikukhudzani, makamaka inu muli ku Joni amene mumatumiza ma randi kwa munthu amene simunamuonepo masana.

Choyamba, lembani zomwe akulonjeza

Zikumveka ngati za kusukulu koma chitani. Tsegulani penapake mu foni kapena kakope kakang'ono, lembani tsiku, zomwe walonjeza, ndi tsiku lomwe wanena kuti achita. Chifukwa chake n'chakuti mutu wa munthu amene wangogwa m'chikondi umasunga zokoma zokhazokha, lonjezo latsopano limakwirira lakale lomwe silinachitike, nde mumangoona ngati munthuyu ndi wa mapulani pamene palibe n'chimodzi chomwe chafika kumapeto.

Malonjezo akuluakulu aja, nyumba, galimoto, ukwati wa mu Okotobala, asiyeni kaye, amenewo simungawayeze panopa. Yang'anani ang'onoang'ono omwe tsiku lake limafika msanga. Wati abwera 2 koloko, wabwera? Ngati wachedwa, anaimba yekha kapena munachita kumusaka? Wati Lamlungu akutengani mukaone achemwali ake, Lamlungu lafika, chachitika n'chani? Titakhala pansi ndi msuweni wanga zinthu zitavuta kale tinabwerera m'mameseji awo a masabata asanu, tinapeza kuti zokaonana ndi achemwali akewo analonjeza kanayi ndipo kanayi konseko kunagwa chifukwa china, maliro, galimoto yawonongeka, achemwali apita kumudzi, ulendo wadzidzidzi. Chifukwa chilichonse pachokha chinali chomveka, maliro kwathu kuno amagwadi mwadzidzidzi. Koma zitaikidwa pa mzere umodzi zinkaoneka poyera kuti zomwe zimatheka nthawi zonse ndi zokumana awiriwiri, zokhudza munthu wachitatu sizinathekepo.

Chinanso muonetsetse mawu ake okuyamikirani ngati ali anu kapena a mkazi wina aliyense. Sindinaonepo mkazi ngati iwe, ndiwe wosiyana ndi onse, amenewo angatumizidwe kwa anthu asanu nthawi imodzi osasintha chilembo. Munthu amene akukuphunziranidi amakumbukira kuti mayi anu anali ku sikelo ya shuga Lachinayi ndipo amafunsa kuti zinayenda bwanji.

Chachiwiri, kanani kamodzi ndipo muone nkhope yake

Ngati mungatenge chinthu chimodzi chokha pa zonsezi, tengani ichi. Munthu simumudziwa pamene mukumuvomera zonse, mumamudziwa tsiku lomwe mwati ayi. Nde musadikire kuti ayi woyamba adzakhale pa nkhani yaikulu ngati ya ndalama kapena yogonana, yambani ndi kakang'ono mkati mwa masabata awiri kapena atatu oyamba. Sindikunena zomuyesa mwachipongwe ayi, kapena kuzimitsa foni masiku atatu kuti muone ngati apenge. Ndikunena kungopitiriza moyo wanu womwe unalipo iye asanabwere, n'kumuuza poyera. Loweruka sindipezeka, ndili ndi kwaya. Ikakwana 9 koloko usiku ndimagona, tiyankhulana mawa. Kapena chachikulu kwambiri: ndikukufuna, koma nkhani za banjazi zikundithamangira, tiyeni tidziwane kaye miyezi ingapo.

Mukatero khalani chete, musadzaze mpatawo ndi kupepesa. Ambirife timalakwitsa apa, tikangoona kuti wakhumudwa timabweza mawu pompo, iyayi basi ndibwera, nde mayeso aja afera pomwepo.

Woona mtima amakhumudwa ndithu, musayembekezere kuti aombe m'manja. Bambo a ana anga nditawauza kuti za ukwati tidzakambe chaka chikamatha anangoti zii kwa kanthawi, kenako anati chabwino ndamva, ndinafulumira. Mawa lake anaimba nthawi yomwe ankaimbira masiku onse, mawu ake omwe aja, ndipo nkhaniyo sanaibweretsenso mpaka miyezi inayi itadutsa. Chikondi chawo sichinatsike chifukwa ndakana, komanso sichinakwere modabwitsa. Chinangokhala.

Winayo amachita chimodzi mwa zitatu izi, nthawi zina zonse motsatana. Amakuimbani mlandu: ine ndakupatsa mtima wanga wonse iwe ukundiona ngati chitsiru, kapena uli ndi wina eti? Kapena amazimiririka, munthu amene amatumiza mameseji 50 pa tsiku lero zii, sitatasi akuika koma inu sakuyankhani, kuti mumve kuzizira mpaka mupepese nokha. Kapena amachulukitsa moto, mawa lake wafika kuntchito kwanu osanena, ndi mphatso, ndi misozi, kuti ayi wanu uja asungunuke pamaso pa anzanu. Chachitatuchi n'chomwe chimapusitsa kwambiri chifukwa chimaoneka ngati chikondi chenicheni, anzanu a pa saluni mpaka kukuuzani kuti mtsikana iwe uli ndi mwayi. Koma taganizani, munanena kuti Loweruka simupezeka ndipo iye wapezeka basi. Tanthauzo lake mawu anu sanawamve, kapena anawamva koma sakuwawerengera. Msuweni wanga anakana kamodzi kokha, tsiku lomwe ankapita ku chinkhoswe cha mng'ono wake ku Mponela, ndipo mamuna uja anaimba ka 23 tsiku limenelo, akuti akungomusowa. Iye anaziwerenga ngati chikondi. Chinkhoswe chonse anathera kuseri kwa nyumba foni ili kukhutu, kufotokoza amene wakhala naye pafupi.

Pano ndinenepo za mitundu ya anthu othamangawa, chifukwa si onse akuba. Alipo ofuna ndalama kapena thupi basi, amadziwa zomwe akuchita. Alipo ofuna kukulamulirani, amathamanga kuti mukhale wawo musanaone khalidwe lawo, ndipo chizindikiro chawo n'chakuti pang'onopang'ono anzanu onse amasanduka oipa, uyu ndi hule, uyu akukuchitira nsanje, mayi ako sakundifuna, mpaka mutsale ndi iye yekha. Nde palinso ena omwe sakunama n'komwe, pamene akulumbira amakhulupiriradi zomwe akunena, kungoti amakonda chiyambi cha chibwenzi osati munthuyo, pakatha miyezi iwiri moto wazima wayambanso kwina. Amenewa mukawayang'ana m'maso mupezamo choonadi chokhachokha, n'chifukwa chake ndimati funso lakuti kodi akunena zochokera pansi pa mtima silokwanira. Funsani kuti kodi mawu akewa amakhala masiku angati.

Chachitatu, mumuone masana, kwawo, pakati pa anthu ake

Chibwenzi cha mu galimoto, m'malo odyera ndi m'maloji chimatha kuyenda miyezi osadziwa olo khomo la munthu. Pofika mwezi umodzi muyenera kukhala mutadziwa dzina lake lonse, komwe amagona, komwe amapeza ndalama, komanso mutaonana ndi anthu ake osachepera awiri omwe si anzake omwera nawo. Pitani masana, muuze mnzanu kapena mchemwali wanu komwe mukupita ndi nthawi yobwerera, ndalama ya minibasi kapena kabaza yobwererera ikhale yanu m'chikwama. Mukafika musamangoyang'ana mipando, onani mmene akukutchulirani kwa aneba kapena kwa alonda. Munthu amene pa foni amati mkazi wanga koma pamaso pa anthu akuti uyu ndi mlongo wanga wa ku tchalitchi wakuuzani zonse.

Za dzina pali kanjira kophweka. Manambala a foni m'dziko muno amalembetsedwa ndi chitupa, nde mukatumiza kandalama kochepa pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yake meseji yotsimikizira imabwera ndi dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa. Likasiyana ndi lomwe anakuuzani si umboni woti ndi wakuba, ambiri amagwiritsa ntchito laini ya m'bale wawo, koma mufunseni muone ngati ayankhe mosavuta. Msuweni wanga anaona dzina la mzimayi, anauzidwa kuti ndi la malemu mayi ake, anamva chisoni osafunsanso. Linali la mkazi wake wa ku nyumba.

Onaninso nthawi zomwe sapezeka. Ngati foni yake imazima tsiku lililonse ikangokwana 7 koloko madzulo, Lamlungu lonse sapezeka, vidiyo kolo amangoimbira panja kapena mu galimoto, pali munthu m'nyumbamo. Kwa amene ali kutali, ku Joni, ku Cape Town kapena ku UK, muuzeni akulumikizeni ndi abale ake omwe ali kuno mukawaone ndi maso. Aliyense ali ndi kwawo, ali ndi mfumu yake, ali ndi mpingo kapena mzikiti womwe anakulira. Ndipo Malawi ndi wamng'ono abale, mukadziwa mudzi, sukulu yomwe anaphunzira ndi komwe amagwira ntchito, pakatha sabata mupeza munthu amene akumudziwa. Kufufuza si kusakhulupirira, makolo athu ankachita zomwezo asanavomere mbeta kupita.

Mufunseninso za zibwenzi zake zakale, mumvetsere bwino. Ngati akazi onse amene anakhala nawo anali amisala, achiwerewere, okonda ndalama, iye osalakwapo olo kamodzi, dziwani kuti nkhani yanu idzafotokozedwanso chimodzimodzi. Ngati ali ndi ana, amawatchula mayina? Fizi amalipira?

Chachinayi, miyezi itatu yoyamba musapereke zosabwerera

Mtima mutha kupereka, nthawi mutha kupereka, koma pali zinthu zinayi zomwe zikapita zapita: ndalama yangongole, thupi lopanda chitetezo, zithunzi zamaliseche, ndi ntchito kapena nyumba yanu. Ndimati miyezi itatu osati chifukwa nambalayo ili ndi matsenga, koma chifukwa mkati mwake mumaona mwezi ukutha katatu, lendi katatu, mumamuona ali ndi ndalama komanso atashota, atadwala kapena atakwiya, ndipo munthu wochita sewero zimamuvuta kulisunga nthawi yonseyo.

Ndalama kaye, poti ndi pomwe msuweni wanga anagwera. Sabata yachisanu mamuna uja anaimba mawu akunjenjemera, katundu wake wagwidwa pa boda, pakufunika K400,000 lero lomwe apo ayi ataya zonse, Lachisanu abweza ndi kapamwamba, ndiwe wekha amene ndingakudalire mkazi wanga. Taonani mmene zinakonzedwera. Mphatso zonse zomwe anapereka masabata anayi aja titaziwerengera sizinapitirire K95,000, koma zinagwira ntchito yake, msuweni wanga ankaona kuti munthu wandichitira zonsezi ndingamukanize bwanji. Analibe ndalamayo, anakatenga ku banki mkhonde komwe gulu lawo limaika chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pa mwezi, kutanthauza kuti mwezi ukatha abweze K480,000, ndipo akalephera K80,000 ina ikwerenso. Lachisanu linafika, kunabwera nkhani ina. Sabata yotsatira mameseji anayamba kuchepa, kenako anamubuloka. Ngongoleyo anaibweza miyezi isanu ndi iwiri, draya yake ya pa saluni anagulitsa, ndipo chomwe chinkamupweteka kwambiri n'chakuti amayi a m'gulumo ndi a mpingo wake omwe.

Zizindikiro zake zimakhala zomwezo nthawi zambiri: vuto ndi ladzidzidzi, likufunika lero, musauze munthu, ndipo ndalama yomwe akupempha ndi yoposa zonse zomwe anakupatsanipo. Dzifunseni kuti munthu wamkulu wabizinesi, wa abale, wa anzake a zaka khumi, zatheka bwanji kuti womudalira yekha akhale munthu amene wamudziwa mwezi umodzi. Mwina onse aja anawabwereka kale. Yankho lanu likhale lalifupi: pepani ndi vutolo, koma ine ndalama sindibwereketsa pa chibwenzi chatsopano. Osafotokoza zambiri, mukati ndilibe akuuzani kokakongola. Ndipo chitupa chanu, PIN yanu, kapena kusainira ngongole m'dzina lanu, zimenezo ayi olo atalira bwanji. Mphatso zodula kwambiri masiku oyamba nazonso muli ndi ufulu wozikana, foni ya K600,000 pa sabata yachiwiri imadzasanduka chingwe tsiku lomwe mukufuna kuchoka.

Za thupi, mawu omwe mudzamve ndi akuti kondomu ya chani poti ndiwe mkazi wanga kale, kapena sukundikhulupirira. Yankho ndi kukayezetsa limodzi, nonse awiri m'chipinda chimodzi, osati kukuonetsani kapepala kapena chithunzi pa WhatsApp. Kuzipatala za boma n'kwaulere. Koma dziwaninso kuti kuyeza kwa pachala kuja kumayang'ana asilikali omwe thupi limapanga likakumana ndi kachilombo ka HIV, ndipo amatha kutenga mpaka miyezi itatu kuti aoneke, nde munthu amene wangotenga kumene akhoza kuoneka kuti alibe. N'chifukwa chake mumayezetsa pachiyambi, kupitiriza kondomu, n'kudzayezetsanso pakatha miyezi itatu. Woona mtima akhoza kuchita mantha, ambirife timaopa, koma amapita. Ngati zachitika kale mosadziteteza musakhale pansi kudziimba mlandu, thamangani ku chipatala pasanathe maola 72 mukafunse PEP, mankhwala omwe amamwa masiku 28 kuteteza kachilombo, ndipo mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi nawo amagwira bwino mukamwa msanga mkati mwa maola omwewo. Ndipo akakuuzani kuti undiberekere kaye mwana ndione kuti ndiwe wanga, mimba si chikole. Amene atsale ndi mwanayo zikavuta ndi inu.

Zithunzi ndingonena mwachidule. Olo zija zoona kamodzi n'kufufutika, munthu amatha kuzijambula ndi foni ina. Musatumize. Za kusiya ntchito poti ndizikusamala ndine, kapena kusiya nyumba yanu kukalowa kwake mwezi woyamba, dikirani, chifukwa munthu amene alibe kolowera savuta kumuzunza.

Chachisanu, lonjezo la banja lili ndi msewu wake, muloozereni

Ubwino wa kwathu kuno ndi wakuti mawu oti ndikukwatira ali ndi njira yodziwika yowatsimikizira, simukuyenera kulota. Mamuna amauza amalume ake kapena mkulu wake, iwo amapita kwa amalume a mkazi kukafunsira, akuchikazi sayankha tsiku lomwelo, amati tamva, tikafunse kaye mwana, mudzabwerenso. Kenako ankhoswe amadziwika mbali zonse, chinkhoswe chimachitika pamaso pa anthu, kumpoto ndi ku chigwa cha Shire pamakhalanso nkhani ya malowolo. Ku tchalitchi nako ukwati amaulengeza milungu ingapo usanachitike kuti amene akudziwa chifukwa choletsa anene. Mukaona bwino njira yonseyi inapangidwa kuti ichedwetse zinthu komanso kuti ilowetsemo anthu ambiri, ndipo wabodza amadana ndi zinthu ziwiri zimenezo.

Nde akati ndikukwatira, inu musakangane naye, ingomufunsani modekha: amalume anu ndi ndani, amakhala kuti, mwawauza? Samalani apa, sindikuti mumukakamize atumize ankhoswe mwezi woyamba, kutero n'kuthamanganso komwe tikukuletsaku, ndipo alipo ena amatha kubwereka anthu pa bawo n'kuwaveka jekete kuti akhale amalume. Cholinga n'choti muone ngati lonjezolo lili ndi anthu enieni kumbuyo kwake, oti abale anu angathe kuwafufuza. Woona mtima amatchula dzina ndi mudzi mosavuta, mwinanso amakupatsani foni muwapatse moni. Winayo amati zachikale zimenezo, chikondi ndi cha anthu awiri, abale amangosokoneza, tiyambe takhala limodzi zinazo zidzatsatira. Mphete yokha musaiwerengere, imagulidwa pa msika.

Ndipo zongolowana zija musaganize kuti lamulo likutetezani msanga ngati mkazi wapabanja. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wongokhalira limodzi, koma ndi khoti lomwe limagamula kuti unalidi ukwati, ndipo chimodzi mwa zomwe limayang'ana n'chakuti mwakhala limodzi zaka zosachepera zisanu. Mukalowana mwezi wachiwiri n'kuthamangitsidwa wachisanu ndi chitatu, mudzavutika kutsimikiza kuti munali pa banja.

Kwa ife zinayenda chonchi: mwezi wachiwiri anandiperekeza kwa achemwali awo ku Kawale, ndinadya nsima kumeneko ana awo akundiyang'anitsitsa, wachisanu ndinawatengera kwa mayi anga, amalume awo anafika kwathu mwezi wachisanu ndi chitatu. Munthu yemwe uja wothamanga pakamwa, koma sitepe iliyonse yomwe ankanena inkachitika, ndipo ndikati dikirani ankadikira.

Chomaliza, mukaona kuti sizili bwino

Chinthu chimodzi chokha chisakupangitseni kuthawa, munthu akhoza kuchedwa kamodzi, akhoza kukhumudwa moposa muyeso kamodzi n'kubwera kudzapepesa yekha osabwerezanso. Enanso ndi ongokula m'banja lomwe anthu amaonetsa chikondi mokweza, kapena anakhala okha nthawi yaitali nde asangalala mopitirira. Amenewo mukawauza kuti tsikani pang'ono amatsika. Koma mukaona ziwiri kapena zitatu zikubwera limodzi, malonjezo ang'onoang'ono osakwaniritsidwa, ayi wanu kulangidwa, anthu ake osaoneka, pempho la ndalama, musadikire umboni wina. Ndipo izi zokha ndi zokwanira kuchoka tsiku lomwelo: kukugwirani mwankhanza olo kamodzi, kukulandani foni kuti aone mameseji, kukukakamizani kugonana, kapena kunena kuti ukandisiya ndidzipha kapena ndikupha. Akanena zodzipha uzani m'bale wake kapena mnzake kuti amuthandize, koma musakhale m'chibwenzi chifukwa cha mantha amenewo.

Pothetsa musapite kwake nokha kukafotokoza. Meseji imodzi yomveka ndi yokwanira, kapena mukumane pa malo a anthu ambiri mnzanu ali pafupi. Musatsutsane naye mfundo imodziimodzi chifukwa pakamwa amakuposani, ndi momwe anakukoperani poyamba. Yembekezerani kuti moto uja ubweranso mwamphamvu kuposa kale, maluwa, kulira, ndasintha, mawa lomwe ndikutumiza amalume. Apa ndi pomwe kakope kaja kamagwira ntchito, katsegulani muwerenge madeti. Mphatso zodula bwezani kudzera mwa munthu wina pali mboni. Mameseji onse, makamaka okhudza ndalama ndi oopseza, jambulani musunge kwina musanamubuloke. Akayamba kukulondalondani kapena kuopseza kuti amwaza zithunzi zanu, pitani ku polisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ija timati vikitimu sapoti, kuzunza munthu kudzera pa foni ndi pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016. Musamutumizire ndalama kuti asamwaze, akalandira kamodzi amabweranso.

Ndipo uzani munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira kuyambira sabata yoyamba, osati zikavuta. Msuweni wanga anandiuza za nsapato ndi za puloti, koma za K400,000 anandibisira chifukwa anauzidwa kuti ndi chinsinsi cha banja lawo, ndinadzamva patatha mwezi amayi a banki mkhonde atafika pa saluni. Panopa ali ndi chibwenzi china, cha miyezi inayi, mnyamata wokonza mafiriji. Mwezi watha anamupempha kuti apite limodzi ku Salima Loweruka, iye anati ayi ndili ndi makasitomala atatu a ukwati, mnyamatayo anangoti chabwino tidzapita ulendo wina, ndipo madzulo ake anadutsa pa saluni kumusiyira chipisi n'kumapita.